Chitseko chikakanika, banja litulukira pati?

Ikamakwana 9 koloko usiku, m'makomo ambiri ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi mumachitika mwambo umodzi. Mwana wamkulu amatseka geti ndi kukoloweka loko. Mayi amakhoma chitseko chakukhitchini, kenaka chitseko chachitsulo chakunja kwake. Bambo amamaliza ndi khomo lakumaso, n'kutenga mpukutu wonse wa makiyi kukauika m'thumba la thalauza limene lapachikidwa kuseri kwa chitseko chakuchipinda kwawo. Mawindo onse ali ndi zitsulo zomatidwa m'khoma ndi simenti. Banja limagona mtima uli m'malo, pakuti wakuba alibe polowera.

Mantha a mbava ndi oona, ndipo palibe amene angadzudzule munthu woteteza katundu wake. Koma nyumba yotsekedwa chonchi yatsekeranso eni ake m'kati. Kandulo woiwalika magetsi atazima akagwera pampando pabalaza, mwana wogona m'chipinda chakumapeto ali ndi njira imodzi yokha, ndipo njirayo imadutsa pomwe pali motopo.

Akatswiri a zozimitsa moto akhala akunena malangizo awiri kwa zaka zambiri. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi njira ziwiri zotulukira, ndipo banja ligwirizane malo amodzi panja pomwe aliyense akaime akatuluka. Bungwe la ku America la NFPA linasankha mfundo ya njira ziwiriyi kukhala mutu wa sabata yake yopewa ngozi za moto m'chaka cha 2017. Kumva n'kosavuta. Ntchito ili pakuitengera mfundoyi m'nyumba yeniyeni ya zitsulo ndi maloko.

Nthawi ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira

Ofufuza a bungwe la UL ku America anayatsa dala zipinda zokhala ndi mipando yamakedzana ndi zina za mipando yamakono. Iwo amati zaka 40 zapitazo munthu ankakhala ndi mphindi pafupifupi 17 zoti athawe moto m'nyumba, pomwe lero ali ndi mphindi zitatu kapena kucheperapo. Chasintha ndi katundu. Mipando ya thonje ndi matabwa inkayaka pang'onopang'ono. Lero pabalaza pali sofa ya siponji, makatani a nayiloni, mipando ya pulasitiki ndi wailesi yakanema, ndipo kuchipinda kuli matiresi a siponji. Zonsezi zimachokera ku mafuta, choncho zimayaka mwaukali ndi kutulutsa utsi wakuda bii.

Utsiwo ndi umene umapha anthu ambiri pa ngozi za moto m'nyumba, malawi asanawafike n'komwe. Muli mpweya wa kaboni monokisaidi, umene umalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino, ndipo siponji ikamapsa imatulutsanso poizoni wa sayanaidi. Munthu amene ali m'tulo sangadalire mphuno yake kuti imudzutsa. Akadzuka mutu uli wozunguzika, maso akuwawa, ndipo m'nyumba momwe wakhalamo zaka khumi sakudziwa kumene kuli khomo. Mu Januwale 2022 moto woyambira pa chotenthetsera chamagetsi unapha anthu 17 m'nyumba yosanja ku Bronx mumzinda wa New York. Onsewo anafa ndi utsi umene unafalikira m'masitepe chifukwa zitseko zinatsala zotsegula.

M'mphindi zitatu zoterozo mulibe mpata wofunafuna kiyi kapena wokambirana. Zimene banja lidzachite usiku umenewo ndi zokhazo zimene linagwirizana ndi kuyeserera kale.

Makomo awiri, njira imodzi

Nyumba ya zipinda zitatu yofala m'matauni athu imamangidwa motere. Kumaso kuli balaza ndi khomo lalikulu. Pambali pake pali khitchini ndi khomo lakuseri. Kuchokera pabalaza pamayamba kakhonde kam'kati, kolido, ndipo zipinda zonse zogona zimatsegukira mmenemo: cha makolo, cha atsikana ndi cha anyamata kumapeto. Mwini nyumba yotere akafunsidwa amayankha molimba mtima kuti ali ndi makomo awiri.

Papepala zimaoneka mwina. Akajambula nyumbayo ndi kulemba mzere kuchokera pabedi lililonse kufika panja, amapeza kuti mizere yonse ikudutsa m'kolido ndi kutulukira pabalaza. Wopita kukhomo lakumaso ndi wopita kukhomo lakuseri amayenda limodzi mpaka pamenepo. Ndipo balaza ndi khitchini ndi malo omwe moto umakonda kuyambira, chifukwa ndi kumene kuli mbaula yosazimitsitsa, botolo la gasi, mawaya odzaza mafoni ndi kandulo. Moto ukabuka pamenepo, makomo onse awiri atsekeka nthawi imodzi.

Njira ziwiri zimawerengedwa kuyambira pabedi, ndipo siziyenera kukumana paliponse. Kwa chipinda chogona cha nyumba yapansi, yoyamba ndi chitseko, yachiwiri ndi windo. Apa ndi pomwe nkhani ya zitsulo imafika povuta.

Mbiri ya zipinda zogona zokhala ndi zitsulo m'mawindo ndi yomvetsa chisoni. Mu Malichi 2001 anyamata 67 anafa pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos m'dziko la Kenya, pomwe chipinda chawo chogona chinatenthedwa usiku. Khomo limodzi linali lokhoma ndipo mawindo anali ndi zitsulo. Mu Meyi 2023 ana 20 anafa mofananamo pasukulu ya Mahdia ku Guyana, komwe zitseko zinali zokhoma ndipo wosunga makiyi anasokonezeka osapeza msanga oyenera. Pa 31 Ogasiti chaka chomwecho anthu 76 anafa m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Mitembo ina inapezeka itaunjikana pageti lotseka. Awa anali malo aakulu, koma chimene chinapha anthu n'chomwecho chimene chili m'nyumba ya banja limodzi: potulukira panalipo, koma sipanatseguke.

Windo loti munthu adutsepo

Kuchotsa zitsulo zonse sikungatheke, ndipo sikofunika. Chofunika n'chakuti m'chipinda chilichonse chogona windo limodzi likhale ndi chitsulo chotseguka. Wowotcherera zitsulo aliyense wapamsika angathe ntchitoyi. Amadula chigawo cha zitsulozo, n'kuchiika m'felemu yakeyake yokhala ndi mahinjesi, kuti chizitseguka ngati kachitseko.

Kukula kwake kuli ndi muyeso. Malamulo a zomangamanga ku England amati windo lothawirapo litseguke malo osachepera masikweya mita 0.33, mbali iliyonse isachepere masentimita 45, ndipo pansi pake pasatalike kupitirira masentimita 110 kuchokera pansi pa chipinda. Pamenepa ena amalakwitsa n'kupangitsa bowo la 45 kwa 45, lomwe ndi laling'ono kwambiri. Loyenera ndi la 45 m'lifupi ndi 75 m'litali, kapena la 60 mbali zonse. Muyeso wotsimikizika kuposa tepi ndi munthu wamkulu thupi kwambiri m'banjamo: ngati iye wadutsa popanda kukanirira, onse adutsa. Felemu ya windo lenilenilo iyenera kuonedwanso, chifukwa mawindo ambiri achitsulo ali ndi timagalasi ting'onoting'ono togawidwa ndi mizere yachitsulo, ndipo chigawo chotsegukacho chimakhala chopapatiza.

Chotsekera chake ndi pomwe pagona nkhani. Malamulo a nyumba ku America amafuna kuti zitsulo zotere zizitseguka kuchokera m'kati popanda kiyi kapena chida chilichonse. Njira yabwino ndi mpiringidzo wautali umene chogwirira chake chili pansi kapena pambali pakhoma, pomwe dzanja lolowetsedwa kuchokera panja silingafike. Mabanja ambiri adzasankhabe loko, pokhala wotsika mtengo. Ngati ndi choncho, kiyi wake akhale pamsomali wakewake m'chipinda chomwecho, kutali ndi windo koma potsika poti mwana afikire ali chokwawa, ndipo asachoke pamenepo ngakhale tsiku limodzi. Kiyi wokhala pampukutu wa bambo sathandiza mwana wakuchipinda chakumapeto. Loko wosatsegulidwa kwa chaka amachita dzimbiri, makamaka m'nyengo yamvula, choncho ayenera kutsegulidwa kamodzi pamwezi ndi kudonthezeredwa mafuta.

Makomo aakulu nawonso amafuna zomwezi. Kiyi wa khomo lakumaso ndi wa chitseko chachitsulo azigona pamalo amodzi odziwika pafupi ndi khomolo. Kumangirira kachingwe kapena kansalu pa kiyi mmodzi kumathandiza kumusiyanitsa ndi anzake mumdima.

Pali chinthu china chimene anthu amaiwala akamaliza kukonza windo: kuzungulira kunja kukaona pomwe munthu akatsikire. Kuseri kwa nyumba zambiri kuli ngalande yakuya, migolo, malata akutha kapena mulu wa njerwa. Nthawi zina pakati pa nyumba ndi mpanda pali kanjira kopapatiza kamene katsekedwa ndi kageti kokhoma. Mwana wotsikira pamenepo watuluka m'chipinda, koma akadali pafupi ndi khoma lotentha ndipo alibe kolowera. Njira yachiwiri imatha pokhapokha munthu atafika pamalo okumanirana.

Wokhala m'nyumba yalendi sangadule zitsulo mwa yekha, koma angathe kukambirana ndi eni nyumba, ngakhale kudzipereka kulipira wowotcherera. Zikakanika, ana aang'ono azigona m'chipinda chapafupi ndi khomo, kapena limodzi ndi wamkulu. M'nyumba ya chipinda chimodzi, yokhala ndi khomo limodzi ndi kawindo, nzeru yaikulu ndi kusaika mbaula, parafini kapena petulo pafupi ndi khomo. Ndipo chizolowezi chokhomera ana m'nyumba popita kumsika kapena kumjigo chiyenera kutheratu, pakuti pamenepo mwana alibe njira ngakhale imodzi.

Okhala m'nyumba zosanja, monga abale ambiri ku Joni ndi ku Britain, ali ndi vuto lina. Kuchokera pansanjika yoyamba, ozimitsa moto ku Britain amalangiza kuponya zofunda pansi, kugwira m'munsi mwa windo, kulendewera mpaka manja atawongoka kenaka n'kudzisiya, osati kudumpha. Pamwamba kuposa apo windo si njira. Munthu amatseka chitseko, kutseka mpata wapansi pake ndi nsalu, kutsegula windo ndi kuitana thandizo.

Kusankha njira mumdima

Mwana akadzuka ndi mfuu ya moto, adziwa bwanji njira yoti atenge? Amatsika pabedi n'kukwawa, chifukwa utsi wotentha umakwera kudenga ndipo mpweya wopumika umatsala pansi, cha m'mawondo. Akafika pachitseko amachikhudza ndi kuseri kwa dzanja, pamwamba ndi pachogwirira. Ngati chatentha, kapena utsi ukulowa m'mipata, sachitsegula. Amapita kuwindo. Ngati chili chozizira amachitsegula pang'ono, thupi lili kumbali, n'kusuzumira. Kolido ikakhala yoyera amatuluka ndi kutseka chitseko kumbuyo kwake. Ikakhala ndi utsi wakuda amatsekanso msanga.

Zonsezi zimatheka ngati banja limagona zitseko zili zotseka. Pa mayeso a bungwe la UL lija, chipinda chotsegula chinatentha kupitirira madigiri 500, pomwe chotseka chapafupi nacho sichinafike ngakhale madigiri 40. Koma mfundoyi ili ndi malire kuno kwathu. Nyumba zambiri zilibe siling'i, makoma am'kati safika kudenga, ndipo pakhomo la chipinda pamangolendewera katani. M'nyumba yotere utsi umangodumpha khoma n'kudzaza zipinda zonse nthawi imodzi. Pamenepo windo lotseguka ndi lofunika koposa, ndipo alamu ya utsi yoyendera batire, yomangirira pamwamba pakati pa balaza ndi zipinda, ndi imene ingagule masekondi amene chitseko sichingapereke.

Alamu nayo siyenera kudaliridwa pa ana. Ofufuza a ku yunivesite ya Dundee pamodzi ndi ozimitsa moto a ku Derbyshire anayesa ana 34 ali m'tulo, ndipo ambiri mwa iwo sanadzuke ngakhale alamu inalira pafupi. Choncho dongosolo liyenera kutchula maina. M'nyumba ya zipinda zitatu ija, mayi anyamula wakhanda amene amagona naye. Bambo apita kwa anyamata ngati kolido ikudutsika, ndipo ngati siikudutsika atulukira pawindo lawo n'kuzungulira kunja kukawatulutsira pawindo. Mtsikana wamkulu adzutsa mng'ono wake ndi kumutulutsa m'neti. Neti yopsindiridwa bwino pansi pa matiresi imakola mwana wochita mantha, ndipo n'koyenera kuti ayeserere kutulukamo maso ali otseka. Agogo ovutika kuyenda akhale ndi wowayang'anira wodziwika. Funso lotsala ndi lakuti bambo akakhala ku ntchito yausiku kapena kumaliro kumudzi, gawo lawo atenga ndani. Yankho lake ligwirizanidwe masana, onse alipo.

Ana aang'ono amathawa moto pobisala kunsi kwa bedi kapena m'kabati, makamaka ngati iwo ndi amene anaseweretsa machesi. Ayenera kuuzidwa mobwerezabwereza kuti akaona moto akuwe ndi kutuluka, ndipo palibe amene adzawakwapule.

Pansi pa mtengo wa mango

Banja likatulukira m'malo osiyanasiyana pamabadwa vuto latsopano. Bambo ali kumaso, anyamata atsikira kuseri, mtsikana wathamangira kwa aneba. Mayi akuyang'ana uku ndi uku mumdima ndi m'chipwirikiti cha anthu obwera ndi zidebe, sakumuona mwana mmodzi, ndipo akulowanso m'nyumba. Mwanayo ali bwinobwino kuseri kwa mpanda. Ozimitsa moto m'maiko ambiri amaidziwa imfa yotere, ya munthu amene anatuluka wamoyo n'kubwerera kukafuna wina amene anali kale panja.

Malo okumanirana amathetsa zimenezi, koma akhale amodzi okha ndiponso otchulika ndi dzina. Kungoti panja kapena kumsewu sikukwanira. Pakhale chinthu chosasuntha chimene mwana wa zaka zisanu akuchidziwa: mtengo wa mango wakutsogolo, geti la nyumba yoyang'anizana nayo, mjigo wapafupi. Galimoto siyenera, pakuti mawa ikhoza kuima pena ndipo ili ndi mafuta. Malowo akhale chakumaso, komwe othandiza amafikira, patali poti kutentha ndi magalasi ophulika sizifika, osati pansi pa waya wamagetsi wolowa m'nyumba, ndiponso osati pakati pa msewu. Ngati bwalo ndi laling'ono ndipo mpanda wayandikana ndi nyumba, malowo akhale kunja kwa geti. Zikatero kiyi wa geti walowanso m'dongosolo, ndipo mwina pamafunika wina wobisidwa panja pamalo odziwa banja lokha. Kumudzi, komwe madenga audzu ndi nkhokwe zimayandikana, malowo akhale pabwalo loyera, kutali ndi denga lililonse.

Atafika, wamkulu amaitana maina mmodzimmodzi. Chiwerengero cha usiku umenewo chikhale chodziwika asanagone, chifukwa m'makomo mwathu anthu amasinthasintha: kwabwera msuweni kutchuthi, wantchito wagona kukhitchini, mnyamata wamkulu wapita kumkesha. Mlendo aliyense wogona aonetsedwe windo, kiyi ndi mtengo uja tsiku lomwe wafika.

Onse akakwana, palibe wolowanso. Mtima umakakamira matumba a chimanga, ndalama za bizinesi ndi masatifiketi a ana, ndipo n'zomveka, chifukwa zinapezeka movutikira. Mapepala ofunika angathe kujambulidwa pafoni ndi kusungitsa makope kwa wachibale kusanagwe kanthu, kuti chiyeso chobwerera chichepe.

Wina akasowa, kuitana maina kuja kumapereka yankho lofunika kwambiri: ndani, ndipo amagona chipinda chiti. Magalimoto ozimitsa moto ali m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo m'makwalala ena opanikizana salowa msanga. Kawirikawiri oyamba kufika ndi aneba. Anthu amenewa akauzidwa windo lenileni, nkhwangwa ndi mgwala wawo zimagwira ntchito pamalo amodzi kuchokera kunja. Kuswa mawindo onse ndi kutsegula makomo mwachisawawa kumalowetsa mpweya umene umakolezera moto, ndipo kumafupikitsa nthawi ya amene ali m'katiyo. Mmodzi aimbe foni kwa ozimitsa moto ali pamalo okumanirana, nambala yake itasungidwa kale m'mafoni a akuluakulu onse.

Kuyeserera

Bungwe la NFPA limalangiza kuyeserera kawiri pachaka, kamodzi masana ndi kamodzi usiku, ndipo cholinga n'chakuti onse afike pamalo okumanirana zisanathe mphindi ziwiri. Aliyense amagona pabedi lake, nyale zazimitsidwa, makomo akhomedwa monga mwa masiku onse. Wina amakuwa kuti moto, n'kuyamba kuwerenga nthawi pafoni. Ulendo woyamba onse amatulukira pakhomo. Ulendo wachiwiri amaika mpando m'kolido kuti uimire moto, ndipo aliyense amagwiritsa ntchito windo. Aneba auzidwiretu, kuti asathamange ndi zidebe pachabe.

Kuyeserera koyamba sikuyenda bwino, ndipo phindu lake lili pomwepo. Kumaonetsa kuti kabati yatsekereza windo, kuti mwana wamng'ono safikira msomali wa kiyi, kuti loko wauma, kuti njinga yogonekedwa m'kolido imapunthwitsa anthu. Zambiri mwa izi zimakonzeka madzulo omwewo posuntha katundu ndi kukhoma msomali wina m'munsi. Chimene sichikonzeka ndi manja a banja ndi chitsulo chomatidwa m'khoma. Makolo amene apeza chipinda chogona ana chopanda windo lotseguka aitane wowotcherera zitsulo sabata yomweyino, ndipo ayambire chipinda chimene chili kutali kwambiri ndi khomo.